Wamkulu Saphunzitsidwa Ngati Mwana: Kutumikira pa Sukulu ya Kwacha kwa Tsabango



Mwa ife alipo amene ayamba kuthandiza pa sukulu za kwacha kuno kwa Tsabango, ena ku Area 23, ena ku Kawale ndi ku Biwi. Ambiri tinayamba utumiki ndi makalasi a ana, ndipo tinazolowera nyimbo, masewera, kuloweza ndi kuombera m'manja mwana amene wakhoza. Njira zimenezi ndi zabwino kwa ana. Koma tikazitengera kwa mayi wa zaka 45 amene walera ana asanu, kapena kwa agogo amene amaweruza nkhani za m'banja, timawalanda ulemu umene Mulungu anawalenga nawo. Sadzatiuza kuti tawanyoza. Adzangosiya kubwera, ndipo ife tidzanena kuti akuluakulu safuna sukulu.

Tiwerenge magawo asanu ali m'munsiwa mosinthana, tizipumira pa mafunso a gawo lililonse. Mfundo yathu ndi imodzi. Wamkulu amene sadziwa kulemba amadziwa zambiri kale, ndipo phunziro liyenera kuyambira pa zimene akudziwazo.

GAWO 1: AMENE AKHALA PAMKEKA NDANI?

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya maphunziro a akuluakulu mu 1986, ndipo anthu akupitiriza kuwatcha makalasi amenewa ndi dzina lakale la sukulu za kwacha. Maphunziro ake amatenga miyezi khumi, buku lodziwika ndi Chuma ndi Moyo, ndipo ophunzira ambiri ndi amayi. Tikamathandiza pa kalasi yotere timagwira ntchito limodzi ndi alangizi a chitukuko a m'dera lathu. Sitibwera kudzalanda ntchito ya munthu.

Tiyerekeze kalasi ya anthu 18 amene amakumana masana pakhonde la nyumba ina ku Area 23. Tikawayang'anitsitsa tipeza kuti ali m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la amene sanalowepo m'kalasi. Ambiri a iwo anakula sukulu ya pulayimale ikadali yolipira, chifukwa maphunziro aulere anayamba mu 1994. Pamene ndalama zinali zochepa, makolo ankatumiza mwana wamwamuna, wamkazi n'kutsala pakhomo. Anthu awa pensulo ndi yachilendo m'manja mwawo. Pa mapepala onse a moyo wawo akhala akudinda chala.

Gulu lachiwiri ndi la amene anaphunzirapo chaka chimodzi kapena ziwiri kalekale, n'kusiya chifukwa cha banja, matenda kapena ganyu. Malembo ena amawakumbukira, dzina lawo amalemba, koma kalata ya kusukulu ya mwana sangaimalize.

Gulu lachitatu ndi la achinyamata a zaka 16 kufika 25. Iwowa anabadwa sukulu ili kale yaulere, koma anakhala m'makalasi odzaza, mphunzitsi mmodzi ana oposa 100, ndipo anasiyira Sitandade 3 kapena 4 asanagwire bwino kuwerenga. Manja awo ndi opepuka, foni amaidziwa, koma mumtima ali ndi bala. Kusukulu anauzidwa kuti ndi mbuli, ndipo anakhulupirira.

Mwana amapita kusukulu chifukwa makolo amutuma, ndipo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zoti amalize pulayimale. Wamkulu palibe amene wamutuma. Maola awiri amene wakhala nafe wasiya benchi lake la tomato, wasiya ganyu yochapa, wasiya mwana kwa mnzake. Tsiku lililonse akamaweruka amawerengera mumtima ngati zimene wapeza zikuposa zimene wataya. Mphunzitsi wina wa ku America, Malcolm Knowles, amene analemba zambiri za maphunziro a akuluakulu m'zaka za m'ma 1970, anaona zomwezi. Iye anaphunzitsa kuti wamkulu amafuna kudziwa chifukwa chimene akuphunzirira chinthu, amafuna kukhala ndi mawu pa maphunziro ake, amabwera ndi nzeru za moyo wake, ndipo amagwira msanga chinthu chimene chikuthetsa vuto la lero.

N'chifukwa chake tsiku loyamba sitiyamba ndi kuimbitsa a, e, i, o, u. Timayamba ndi funso, ndipo aliyense timamufunsa payekha mwaulemu: “Amayi, n'chiyani chimene mukufuna muzidziwerengera nokha, popanda kupempha munthu?” Mayankho timawalemba m'kope. Wina adzati akufuna kusayina dzina m'malo modinda chala. Wina akufuna kuwerenga tsiku lobwerera kusikelo limene lalembedwa m'buku la kuchipatala. Wina akufuna kuona yekha zimene mlembi walemba m'buku la banki m'khonde. Wina watopa n'kupereka foni kwa mwana wa mnzake kuti amuwerengere uthenga wa ndalama. Wina akufuna kuwerenga mawu a Mulungu ndi maso ake. Kope limeneli ndi limene lizititsogolera miyezi khumi yonse. Buku la boma tiligwiritsa ntchito, koma tizilimangirira ku zimene anthu anapempha.

Tikambirane:
1. Pa anthu amene tikuwadziwa m'dera lathu, ndani ali m'gulu lililonse la magulu atatuwa?
2. Munthu wogulitsa pamsika amataya chiyani akakhala nafe maola awiri?

GAWO 2: PHUNZIRO LOCHOKERA PA MAWU AMODZI

Mu 1963, m'tauni ya Angicos ku Brazil, Paulo Freire ndi anzake anaphunzitsa anthu akuluakulu pafupifupi 300 kuwerenga m'maola okwana 40. Asanayambe, ankayenda m'mudzi kumvetsera mawu amene anthu amalankhula kawirikawiri. Ankasankhapo mawu ochepa amene amakhudza moyo wa anthuwo, n'kuwadula m'maphatikizo kuti ophunzira azipangira okha mawu ena. Njira imeneyi imayenda bwino kwambiri m'Chichewa, chifukwa tili ndi malembo a liwu asanu okha, ndipo mawu athu amalembedwa monga momwe amamvekera.

Tiyeni tiyese ndi mawu amene aliyense kwa Tsabango amawatchula tsiku ndi tsiku: makala.

Choyamba, kukambirana. Timabwera ndi kajumbo ka makala n'kukaika pakati. Timafunsa kuti kajumbo kotere kakugulidwa bwanji sabata ino, kanali bwanji chaka chatha, ndipo kamaphika kangati. Timafunsa chifukwa chimene mtengo umakwerera nthawi ya mvula. Agogo adzafotokoza mmene mitengo inalili kuno kale, pamene nkhuni ankatola pafupi. Wina adzanena za njinga zimene zimalowa mumzinda m'bandakucha kuchokera ku Dzalanyama, ndipo wina adzakumbutsa kuti madzi a m'mipopi yathu amachokera ku mtsinje wa Lilongwe umene umayambira m'nkhalango yomweyo. M'kalasimo mwina muli wogulitsa makala. Ife sitinabwere kudzamuweruza. Iye ndi amene akudziwa bwino nkhaniyi kuposa tonse, ndipo timamupatsa mpata alankhule. Pa mphindi 20 zimenezi mlangizi amakhala wofunsa, ophunzira ndiwo aphunzitsi. Munthu amene walankhula za nzeru pagulu, anzake n'kumumvera, sachitanso mantha kugwira choko.

Chachiwiri, kuona mawu. Timalemba pabolodi ndi malembo akuluakulu ooneka bwino: makala. Timawawerenga pamodzi kawiri kapena katatu basi, osati makumi awiri. Kenako timawatchula pang'onopang'ono kuti aliyense amve kuti pakamwa patseguka katatu: ma, ka, la.

Chachitatu, mabanja a maphatikizo. Phatikizo lililonse lili ndi abale ake, ndipo timawalemba m'mizere itatu:

ma me mi mo mu
ka ke ki ko ku
la le li lo lu

Apa ndi pamene malembo a liwu amalowera. Sitinawaimbitse poyamba. Ophunzira amaona okha kuti mumzere uliwonse mutu ndi umodzi koma mathero akusintha, ndipo mathero a mizere yonse itatu ndi ofanana.

Chachinayi, kumanga mawu. Timadula katoni yakale m'timakadi, pa kakadi kalikonse phatikizo limodzi, ndipo anthu awiri kapena atatu amalandira mulu wawo. Timawapempha kuti aphatikize makadi apeze mawu amene amawadziwa. Kuchokera pa maphatikizo 15 amenewa mumatuluka kale, malo, koma, mame, muli, kulima, kuluka, kukama, kalulu, malume ndi kukolola. Tikawonjezera kakadi ka a, munthu amatha kuyala chiganizo chathunthu: malume akolola kale. Mawu amenewa sitinamuuze. Wawapeza yekha ndi manja ake. Wina akaphatikiza zopanda tanthauzo, monga kilo ndi mu, sitinena kuti walakwa. Timamupempha awerenge zimene wayala, chifukwa ngati wawerenga molondola ndiye kuti wagwira mfundo, kenako gulu limaweruza ngati mawuwo alipo m'Chichewa.

Banja limeneli likakhazikika, mwina patapita masiku anayi kapena asanu, timatenga mawu achiwiri: ndalama. Taonani kuti la ndi ma akuwadziwa kale. Chatsopano ndi chimodzi chokha, banja la nda, nde, ndi, ndo, ndu. Ndi limeneli amatha kuyala munda, malonda, kukonda, ndalima kumunda, ndiponso malonda a makala. Mawu achitatu akhoza kukhala ngongole, amene amabweretsa banja la nga, nge, ngi, ngo, ngu, ndipo mwadzidzidzi mango ndi kulanga zawerengeka. Lamulo lake n'lakuti mawu atsopano akhale ndi nkhani yoti akuluakulu angakambirane, ndipo asabweretse zatsopano zoposa chimodzi kapena ziwiri. Zovuta monga kusiyanitsa nga ndi ng'a, kapena pa ndi pha, tizisunge mpaka miyezi yapakati.

Dzina la munthu lokha ndi limene silidikira dongosolo limeneli. Ngakhale litakhala ndi malembo ovuta ngati ph kapena mb, aliyense timamulembera dzina lake pa kakadi sabata yoyamba, apite nako kunyumba. Kusayina m'kaundula wa kalasi m'malo modinda chala ndi phindu loyamba limene munthu amaliona ndi maso.

Tichite:
1. Aliyense apeze mawu ena atatu kuchokera pa mizere itatu ija.
2. Tisankhe mawu ena awiri a m'dera lathu amene angatsegule nkhani, ndipo tione maphatikizo amene angabweretse.

GAWO 3: AGOGO NDI MDZUKULU PA BOLODI LIMODZI

Vuto lalikulu la kalasi yosakaniza misinkhu ndi liwiro. Tikafunsa funso ku gulu lonse, mnyamata wa zaka 19 amayankha agogo asanamalize kuyang'ana lembo loyamba. Zikachitika katatu, agogo amasiya kuyesa. Tikachedwetsa phunziro kuti tiwadikire, mnyamatayo amatulutsa foni, mawa lake sabwera. Tikathamanga timataya okalamba, tikachedwa timataya achinyamata.

Njira yake ndi kugawa maola awiri aja motere. Mphindi 20 zoyamba tonse timakambirana nkhani ya tsikulo. Mphindi 30 zotsatira tonse timaona mawu ndi maphatikizo ake. Kenako kwa mphindi 40 timagawikana m'magulu atatu. Mphindi 20 zina ndi za masamu, ndipo mphindi 10 zomaliza aliyense amanena chimene akachite kunyumba ndi zimene waphunzira.

Pa mphindi 40 zapakati, nkhani imakhala imodzi koma ntchito zimasiyana. Oyamba kumene amayala makadi ndi kulemba ma, ka, la. Apakati amalemba ziganizo ziwiri kapena zitatu za makala. Achinyamata amalemba mfundo zimene gulu linanena pokambirana paja, monga mmene agogo anafotokozera za nkhuni za kale. Mawa lake timayamba ndi kuwerenga zimene analembazo. Agogo amamva mawu awo akuwerengedwa kuchokera papepala, mnyamata amaona kuti zolemba zake zili ndi ntchito, ndipo kalasi yapeza chowerenga chimene sichili m'buku lililonse. Magulu amenewa tisawatche oyamba, achiwiri ndi achitatu, kapena anzeru ndi ochedwa. Tiwatche ndi ntchito yawo, a makadi, a ziganizo ndi alembi, ndipo munthu asankhe yekha kumene akufuna kukhala tsiku limenelo.

Tikamaphatikiza wachinyamata ndi wamkulu kuti azithandizana, tikumbukire mwambo wathu. Mwana sakonza wamkulu pagulu. Mtsikana akanena mokweza kuti “Agogo, mwalakwitsa,” wawachotsa ulemu ngakhale atakhala kuti wanena zoona. Timaphunzitsa achinyamata kukhala pambali, kulankhula motsitsa mawu, ndi kunena kuti, “Agogo, tiyeni tionenso limodzi apa.” Timawauzanso kuti asalande pensulo n'kulembera wamkulu. Tisaphatikize munthu ndi apongozi ake, ndipo tisaike bambo pansi pa mwana wake womubereka pokhapokha atapempha yekha. Bambo mmodzi kapena awiri amene alimba mtima kubwera pakati pa amayi ambiri tisawaitane kubolodi masabata oyamba. Amuna ambiri amathawa sukulu ya kwacha poopa kulakwitsa pamaso pa akazi a m'dera lawo.

Thandizo lisamayende mbali imodzi yokha. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa nthawi yokambirana ndi ya masamu a pamtima iwo ndi amene amatsogolera. Mnyamata amene wathandiza agogo kulemba ka amve agogo omwewo akumuposa powerengera phindu la thumba la makala.

Tisaiwalenso thupi. Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi. Tikaona mayi akutalikitsa buku kapena akutsinzinira, kapena akuwerenga bwino pabolodi koma m'buku akulephera, vuto si mutu ayi, ndi maso. Timukhazike poyera pamene pali kuwala, timulembere malembo akuluakulu, ndipo timulimbikitse akayezetse maso kuchipatala, chifukwa magalasi owerengera amathetsa vutoli. Amene samva bwino akhale pafupi ndi wolankhula. Dzanja limene lagwira khasu zaka 50 limafinya pensulo mpaka kuboola pepala, ndipo limatopa msanga. Ayambe ndi choko pabolodi kapena kamtengo pa dothi, malembo aakulu ngati chikhatho, ndipo azichepetsa pang'onopang'ono. Kulemba kwa mphindi khumi n'kupuma n'kokwanira masabata oyamba.

Pali zinthu za m'kalasi ya ana zimene tizisiye pakhomo. Tisaimiritse akuluakulu kuti apereke moni kwa aphunzitsi. Tisachonge makope ndi cholembera chofiira, tisalengeze amene wakhala nambala wani, ndipo tisafunse wochedwa kuti anali kuti. Tikhale mozungulira monga timakhalira pa gulu lathu lino, mlangizi pamkeka womwewo, ndipo aliyense timutchule monga timamutchulira kunja: amayi, abambo, agogo, achimwene, achemwali. Malamulo a kalasi, masiku okumana ndi nthawi yake, agwirizane okha pokambirana. Iwo ndi amene akudziwa nthawi imene msika umagwira, ndi miyezi imene ena amapita kumudzi kukalima.

Tikambirane:
1. Ndi mawu ati amene wachinyamata angagwiritse ntchito pothandiza wamkulu popanda kumuchititsa manyazi?
2. Ndi zizolowezi ziti za m'makalasi a ana zimene ifeyo tingazitengere kwa akuluakulu mosazindikira?

GAWO 4: MASAMU AMENE ALI KALE M'MUTU

Pa masamu ndi pamene njira za ana zimanyoza wamkulu koposa. Mayi wogulitsa mandasi amabweza chenje cha K5,000 osalakwitsa, amadziwa mtengo wa ufa, mafuta ndi shuga, ndipo amadziwa phindu lake la tsikulo. Tikamupatsa timiyala kuti awerenge kuyambira 1 kufika 10, tamuuza kuti zonse zimene amadziwa si kanthu. Chimene akusowa si kuwerengera. Akusowa kulemba ndi kuwerenga manambala amene ali kale m'mutu mwake.

Tiyambire pa funso lenileni la banki m'khonde. Munthu wabwereka K20,000, ndipo gulu lake linagwirizana chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Abweza zingati mwezi ukatha? Ambiri ayankha pamtima kuti K24,000. Tiwafunse mmene apezera. Wina adzati pa K10,000 pamabwera K2,000, ndiye kawiri ndi K4,000. Wina adzati pa K1,000 iliyonse pamabwera K200. Njira zonse ndi zolondola, ndipo ife timangolemba pabolodi zimene anena, kuti aone maganizo awo ali m'manambala.

Cholakwika chimene chimabwera kawirikawiri ndi cha ziro. Tikapempha munthu kuti alembe K2,500, ena amalemba 2000500, chifukwa akulemba monga akumvera, 2000 kenako 500. Uku si kupusa, ndipo kukutionetsa pamene pali mpata. Timajambula mipanda inayi pansi kapena pabolodi. Mpanda woyamba ndi wa ma K1,000, wachiwiri wa ma K100, wachitatu wa makumi, wachinayi wa imodziimodzi. Wophunzira amaika mapepala awiri a K1,000 mumpanda woyamba ndi asanu a K100 mwachiwiri. Mipanda iwiri yotsala ilibe kanthu. Pansi pa mpanda uliwonse amalemba chiwerengero cha zimene zilimo: 2, 5, 0, 0. Apa amaona kuti ziro ndi mlonda wa mpanda wopanda kanthu, ndipo mpanda uliwonse umalandira nambala imodzi yokha. Ndalama zake tikhoza kudula pa mapepala n'kulembapo, kuti pasakhale wochita manyazi chifukwa alibe ndalama m'thumba.

Kenako tiwonjezere mpanda wachisanu kumanzere, wa ma K10,000, ndipo tiike 2,500 ndi 25,000 moyandikana. Tifunse kuti chingachitike n'chiyani munthu akawonjezera ziro mmodzi potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Palibe amene adzafunse chifukwa chimene tikuphunzirira zimenezi. Apa achinyamata amathandiza kuonetsa pamene nambala imaonekera mu uthenga wa pafoni. Koma tigwirizane poyamba kuti nambala yachinsinsi ya munthu siitchulidwa m'kalasi, ndipo uthenga weniweni wa ndalama za munthu suwerengedwa pagulu. Tilembe uthenga woyerekeza pabolodi.

Tichite:
1. Tijambule mipanda ija, ndipo tiyale K3,050, K10,200 ndi K7,000. Ndi iti imene ingasokoneze wophunzira, ndipo chifukwa chiyani?

GAWO 5: TIDZADZIWA BWANJI KUTI ZIKUYENDA?

Phokoso la kalasi likhoza kutinamiza. Gulu likamawerenga mokweza pamodzi zimamveka bwino, koma mwina akuwerenga ndi anthu anayi, ena onse akungotsatira mawu. Akuluakulu amaloweza msanga. Munthu akhoza kunena tsamba lonse pamtima, chala chili pa mzere wina. Kuti tidziwe zoona, timakhala ndi munthu mmodzi pambali, anzake ali pa ntchito, n'kusokoneza makadi. Timayala mawu amene sanawaonepo koma a maphatikizo amene anaphunzira, monga kukoma. Akawerenga, wagwira. Akanena makala chifukwa waona ma, ndiye kuti akuloweza maonekedwe a mawu, ndipo ayenera kubwerera ku makadi, osati kupatsidwa tsamba latsopano. Timachita zimenezi ndi aliyense kamodzi pamwezi, mphindi zitatu zokha, ndipo sitikutcha mayeso.

Chizindikiro chachiwiri chili m'kaundula. Tisamangowerenga kuti abwera angati. Tione amene asiya. Ngati asiya ndi okalamba, tikuthamanga kapena achinyamata akuyankha mafunso onse. Ngati asiya ndi achinyamata, sitikuwapatsa ntchito yolingana nawo. Ngati asiya ndi ogulitsa pamsika, nthawi yathu ndi yolakwika. Munthu akajomba katatu motsatizana timapita kukamuona kunyumba ngati mnzathu. Mwina kunagwa maliro, mwina mwana akudwala. Ambiri amalephera kubwerera chifukwa choopa kuti anzawo apita patali, choncho timamutengera makadi a zimene anaphonya ndi kumuuza kuti malo ake alipo.

Chizindikiro chachitatu ndi kope lija la tsiku loyamba. Pakatha miyezi itatu timalitsegula ndi munthu aliyense. Amene ankafuna kusayina, wasayina kuti? Amene ankafuna kuwerenga tsiku la sikelo, abwere ndi bukulo awerenge. Ngati anthu akukhoza za pabolodi koma kunyumba akupemphabe ana kuti awawerengere, ndiye kuti taphunzitsa sukulu, sitinaphunzitse kuwerenga.

Tinene zoona kwa ophunzira athu za malire a ntchitoyi. Miyezi khumi imafikitsa munthu poti awerenge kalata yaifupi, alembe uthenga ndi kusunga kaundula wa geni yake. Siimufikitsa powerenga Chingerezi cha pa mafomu ambiri a m'maofesi. Agogo amene ayamba ali ndi zaka 65 mwina adzawerenga pang'onopang'ono moyo wawo wonse, ndipo ena adzafuna kubwereza chaka chachiwiri. Palibe cholakwika pamenepo. Komanso kuwerenga kumazilala ngati sikugwiritsidwa ntchito. Miyezi khumi isanathe, gulu ligwirizane chimene lizidzawerenga pamodzi sabata iliyonse, kaya ndi buku la banki m'khonde, tsamba la Chichewa la m'nyuzipepala, kapena malemba oyera a chipembedzo cha aliyense.

Abwenzi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene tikuwatumikirawa akhala zaka zambiri akubisa kuti sadziwa kuwerenga, akunamizira kuti aiwala magalasi, akupereka zinsinsi zawo m'manja mwa ena. Pobwera pamkeka paja avomera poyera chinthu chimene ankachibisa, ndipo aika ulemu wawo m'manja mwathu. Tidzayankha pamaso pa Mulungu za mmene tinausungira. Tisanatseke ndi pemphero, tigwirizane zinthu zitatu: ndani akaonane ndi alangizi a chitukuko ndi mlangizi wa sukulu ya kwacha ya m'dera lathu, ndani adule makadi a ma, ka ndi la, ndipo ndani ayende sabata ino kukamvetsera mawu amene anthu akulankhula pamsika, pamjigo ndi pachigayo, kuti tikakumananso tidzasankhe mawu athu oyamba asanu.